Makina olandira makobidi a K5 ndi K10: kuchokera pa pepala mpaka pa buledibodi

Kuno ku Chigwa cha Shire simupeza chinthu cha K15 pa msika, ngakhale phwetekere wophwanyika wa pa Nchalo. Komabe makina omwe tipange pano agulitsa chinthu pa K15, ndipo alandira makobidi awiri okha, la K5 ndi la K10. Ndasankha mtengo umenewu dala, chifukwa ndi umene umakwana bwino mu mafulipu-fulopu awiri, timadera ta magetsi tomwe kalikonse kamasunga 0 kapena 1, ndipo makobidiwo ambirife tili nawo m'zitini kunyumba. Mukadzafuna kuika makinawa pa kagolosale kapena pa mpopi, mudzangosintha makobidiwo ndi tizitsulo tanutanu togulitsa pa mtengo womwe mwakonda. Ubongo wa makina sudziwa kwacha. Umangodziwa kuti kalowa kakang'ono, kofanana ndi muyezo umodzi, kapena kakakulu, kofanana ndi miyezo iwiri.

Tiyambe ndi pepala ndi pensulo, chipu isanatuluke m'kapepala kake kupita pa buledibodi, kabolodi ka timabowo kolumikizirapo zida poyesa dera.

Zomwe makina ayenera kukumbukira

Funso loyamba ndi ili: munthu akaponya khobidi n'kuima kufunafuna lina m'thumba, makina asunge chiyani m'mutu? Ambiri amayamba n'kulemba njira zonse zolipirira: K5 katatu, K5 kenako K10, K10 kenako K5, K10 kawiri. Njira imeneyi imachulukitsa ntchito pachabe. Wogulitsa mandasi sasamala kuti munayamba kumupatsa khobidi liti, amangowerenga zomwe zili m'manja mwake. Choncho munthu amene waponya K5 kawiri ndi amene waponya K10 kamodzi ali pamalo amodzi.

Malo amenewa m'mabuku amawatcha siteti. Ine ndimawatcha masiteji, ngati a minibasi pa msewu wa M1: kaya mwafika pa Ngabu pa njinga ya kabaza kaya pa lole, muli pa Ngabu basi, ndipo ulendo wotsala kuti mukafike ku Bangula ndi womwewo. Masiteji athu ndi anayi: S0 pamene palibe chalowa, S5, S10, ndi S15 pamene ndalama yakwana.

Jambulani mabwalo anayi mondondozana, lililonse ndi dzina lake. Chizindikiro cha khobidi la K5 tichitcha A, cha K10 tichitcha B. Kuchokera pa S0 kokani muvi wolembedwa A wopita pa S5, ndi wina wolembedwa B wodumpha kukafika pa S10. Kuchokera pa S5, A apite pa S10, B apite pa S15. Kuchokera pa S10 mivi yonse iwiri ithere pa S15, koma pa muvi wa B lembaninso kuti chenji, chifukwa apa munthu wapereka K20 ndipo K5 ndi yake. Pa S0, S5 ndi S10 onjezani kamuvi kozungulira kobwerera pa bwalo lomwelo, kosonyeza kuti popanda khobidi makina sasuntha. Kamuvi kameneka n'komwe anthu amaiwala. Pomaliza, kuchokera pa S15 kokani muvi umodzi wobwerera pa S0 wopanda cholembedwa: makina akafika pa S15 amatsegula, ndipo koloko, kadera kogunda mobwerezabwereza kouza makina nthawi yosuntha, ikangogundanso amabwerera poyambira okha.

Musanachoke pa chithunzichi, ikani chala pa bwalo lililonse la atatu oyambawo n'kuwerenga mivi yotuluka. Ikhale itatu. Ikapezeka iwiri, pali chochitika chomwe simunawauze makina chochita.

Kusandutsa chithunzi kukhala manambala

Fulipu-fulopu imodzi imasunga 0 kapena 1. Ziwiri zimapereka mitundu inayi, ndipo ndi yokwanira ndendende masiteji athu. Tizitche Q1 ndi Q0, ndipo tigawe motere: S0 ndi 00, S5 ndi 01, S10 ndi 10, S15 ndi 11. Ubwino wa kagawidwe aka ndi woti nambalayo ikungowerenga ma K5 omwe alowa, ndiye poyesa mudzangoyang'ana magetsi awiri n'kudziwa ndalama zomwe makina akuganiza kuti ali nazo.

Tigwiritsa ntchito fulipu-fulopu ya mtundu wa D chifukwa ilibe makani. Chomwe chili pa khomo lake la D pa nthawi yomwe koloko ikukwera kuchoka pa 0 kufika pa 1, ndi chomwe chimakaonekera pa Q, ndipo chimakhala pomwepo mpaka koloko idzakwerenso. Ndiye kuti siteji yomwe tikufuna kupitako ndi yomwe tiike pa D1 ndi D0. Muvi uliwonse wa pa chithunzi usanduke mzere umodzi:

```
Q1 Q0  A B | D1 D0
0  0   0 0 | 0  0
0  0   1 0 | 0  1
0  0   0 1 | 1  0
0  1   0 0 | 0  1
0  1   1 0 | 1  0
0  1   0 1 | 1  1
1  0   0 0 | 1  0
1  0   1 0 | 1  1
1  0   0 1 | 1  1
1  1   x x | 0  0
```

Chizindikiro cha x chikutanthauza kuti kaya pali 0 kaya 1, zotsatira n'chimodzimodzi.

Tsopano yang'anani mzati wa D1 wokha, muone pomwe pali 1. Mizere itatu yonse ya siteji 10 ili ndi 1, ndiye gawo loyamba ndi Q1 ali 1 pamene Q0 ali 0, osafunsa za khobidi. Kenako pali mizere iwiri yomwe B ali 1 pamene Q1 ali 0, Q0 akhale chilichonse. Watsala umodzi, wa siteji 01 pamene A walowa. Chitani chimodzimodzi ndi D0, ndipo mupeza izi, pomwe kachizindikiro ka ' kakutanthauza chotembenuza 0 kukhala 1 ndi 1 kukhala 0, kadontho ndi AND, yopereka 1 zonse zikakhala 1, + ndi OR, yopereka 1 ngakhale chimodzi chokha chikakhala 1, ndipo kadera kochita chimodzi mwa izi timakatcha geti:

```
D1 = Q1·Q0' + Q1'·B + Q1'·Q0·A
D0 = Q0'·A + Q1'·Q0·A' + Q1·Q0'·B
T  = Q1·Q0
C  = Q1·Q0'·B
```

T ndi lamulo lotsegula, C ndi lamulo lobweza K5. Onani kuti C si geti yatsopano, ndi gawo lomaliza la D0 lomwe lija, mungotengapo waya wina.

Mu tebulo mulibe mzere womwe A ndi B onse ali 1, chifukwa tikuti makobidi amalowa limodzilimodzi. Ndi bwino kudziwabe zomwe zingachitike zitatero. Pa S0 zimayenda mwamwayi: D1 ndi D0 onse amakhala 1, makina amafika pa S15, ndipo ndalamayo ndi K15 zoona. Koma pa S5, D1 amakhala 1 ndipo D0 amakhala 0, makina amaima pa S10 pamene munthu wapereka K20. Mankhwala ake sali mu mageti. Bokosi likhale ndi kabowo kamodzi koponyera, kopapatiza moti makobidi awiri sangalowe limodzi.

Kulumikiza

Mafulipu-fulopu onse awiri ali mu chipu imodzi, 74HC74. Mageti a AND a makomo awiri akufunika anayi, ndipo 74HC08 ili ndi anayi. A makomo atatu akufunika atatu, ndipo 74HC11 ili ndi atatu. D1 ndi D0 aliyense amadya mageti awiri a OR olumikizana, ndiye 74HC32 imodzi yatha. Chotembenuza cha A' muchitenge mu 74HC14, yomwe ili ndi zisanu ndi chimodzi ndipo zonse zipeza ntchito tisanamalize. Pa machipu onsewa pini 14 ndi ya 5 V, pini 7 ndi ya pansi, kutanthauza 0 V.

Pa 74HC74, theka loyamba likhale Q0: D0 alowe pa pini 2, Q0 atuluke pa pini 5, Q0' pa pini 6. Theka lachiwiri likhale Q1: D1 pa pini 12, Q1 pa pini 9, Q1' pa pini 8. Mapini 3 ndi 11 alumikizane, ndiwo olandira koloko. Mapini 4 ndi 10 amangidwe ku 5 V, ndipo pakadali pano 1 ndi 13 nawonso. Mukawasiya olendewera, makina amasintha siteji mukangoyandikitsa dzanja, ndipo muyamba kuganiza za ufiti pomwe vuto ndi pini imodzi. Lamulo ndi lomwelo pa khomo lililonse losagwiritsidwa ntchito la machipu a 74HC: limangidwe ku 5 V kapena pansi. Pafupi ndi chipu iliyonse ikani kapasita ya 100 nF, yolembedwa 104, pakati pa 5 V ndi pansi.

Lumikizani ka LED ndi rezisita ya 1 kΩ pa Q1, Q0, T ndi C. Poyesa koyamba musaike koloko yothamanga. Koloko ikhale batani lodina ndi chala, lodutsa mu dera lochotsa kunjenjemera lomwe ndilongosole posachedwa, ndipo A ndi B akhale mawaya awiri omwe mukuwasuntha nokha pakati pa 5 V ndi pansi. Yendani tebulo lonse mzere ndi mzere. Mwachitsanzo, makina ali pa 00, ikani A pa 5 V, dinani kamodzi: Q0 ayake. Bwezani A pansi, dinani kasanu: pasasinthe kanthu. Ikani B pa 5 V, dinani: Q1, Q0 ndi T ayake onse. Bwezani B, dinani: onse azime. Mzere umodzi ukakana, musazule mawaya onse. Yezani pini 2 ndi pini 12 musanadine. Ngati zili pamenepo sizikugwirizana ndi tebulo, vuto lili mu mageti. Ngati zikugwirizana koma Q sakutsatira, vuto lili pa koloko kapena pa mapini 1, 4, 10 ndi 13.

Pomwe ambiri amagwera: khobidi limodzi liwerengedwe kamodzi

Mpaka apa zonse zimayenda, ndipo munthu amayamba kuitana anzake kuti adzaone. Kenako amaika koloko yeniyeni. Koloko yabwino pano ndi chipu ya NE555 yokhala ndi R1 wa 1 kΩ, R2 wa 6.8 kΩ ndi kapasita ya 100 nF. Mwa lamulo la f = 1.44 / ((R1 + 2·R2)·C), imagunda pafupifupi ka 1,000 pa sekondi. Chotuluka pa pini 3 chidutse mu chotembenuza chimodzi cha 74HC14 chisanafike pa mafulipu-fulopu, chifukwa NE555 pa 5 V sikweza mphamvu yake kufika pamwamba penipeni, ndipo 74HC14 imaiwongola.

Ine ndinagwa pomwepa ulendo woyamba. Ndinalumikiza kaswichi ka khobidi molunjika pa A, n'kuponya K5 imodzi, makina n'kutsegula. Ndinakhala madzulo onse ndikubwereza ma AND ndi ma OR omwe analibe mlandu.

Tiwerengere limodzi chomwe chinachitika. Tebulo lathu likuganiza kuti A amakhala 1 kwa kugunda kumodzi kokha kwa koloko. Koma khobidi ndi chitsulo chogwa, ndipo tiyerekeze kuti likukanikiza swichi kwa mamilisekondi 30. Kwa ife ndi kuphethira kwa diso, kwa makina ndi kugunda 30, ndipo pa kugunda kulikonse amaona ngati K5 yatsopano. Kugunda koyamba ali pa 01, kwachiwiri 10, kwachitatu 11, kwachinayi abwerera pa 00, n'kuyambiranso. T amayaka pa kugunda 3, 7, 11, 15, 19, 23 ndi 27, kasanu n'kawiri, ndipo pa kugunda 30 makina amaima pa 10. Munthu wa K5 watenga katundu, n'kusiyiranso wotsatira K10 yaulere. Chizindikiro cha matenda amenewa ndi choti khobidi lomwelo limasiya magetsi osiyanasiyana nthawi iliyonse mukaliponya.

Kuchedwetsa koloko sikuchiza. Mukaichedwetsa mpaka kugunda 10 pa sekondi, makobidi ambiri adutsa pakati pa kugunda kuwiri osaonedwa n'komwe, ndipo ogula akhala akumenya bokosi. Chofunika ndi kadera kosandutsa kukanikiza kwautali uliwonse kukhala kugunda kumodzi, ndipo kali ndi magawo awiri.

Gawo loyamba likuchotsa kunjenjemera. Tizitsulo ta m'swichi tikakhudzana timadumphadumpha kangapo kwa mamilisekondi ochepa tisanakhazikike, ndipo kudumpha kulikonse kungaoneke ngati khobidi lina. Tengani rezisita ya 10 kΩ kuchokera ku 5 V kufika pa mfundo imodzi, kapasita ya 1 µF kuchokera pa mfundoyo kupita pansi, ndi swichi yotsogozana ndi rezisita ya 1 kΩ kuchokera pa mfundo yomweyo kupita pansi. Swichi ikatseka, kapasita imakhuthuka msanga, mfundo n'kutsika kufika pa theka la voti. Swichi ikadumpha pang'ono, kapasita imadzaza pang'onopang'ono kudzera mu 10 kΩ, pa nthawi ya mamilisekondi ngati 10, ndiye siifika patali swichi isanatsekenso. Mfundoyo ilowe mu chotembenuza cha 74HC14, osati 74HC04. Kusiyana kwake n'koti 74HC14 ili ndi malire awiri, okwerera ndi otsikira, choncho mphamvu yokwera mwaulesi siiichititsa kukayikakayika. Chotuluka ndi 1 woyera nthawi yonse yomwe khobidi likudutsa.

Gawo lachiwiri likudula 1 wautaliyo. Tengani 74HC74 ina. Chotuluka mu 74HC14 chilowe pa D ya theka loyamba, ndipo Q yake tiitche X1. X1 alowe pa D ya theka lachiwiri, lomwe Q yake ndi X2. Onse alandire koloko yomwe ija.

```
A = X1·X2'
```

Khobidi likafika, kugunda koyamba kumaika X1 pa 1 pamene X2 akadali 0, ndiye A ali 1. Kugunda kwachiwiri X2 amamupeza mnzake, A n'kugwa, ndipo pa kugunda komweku mafulipu-fulopu a siteji amakhala atawerenga A kamodzi. Kuyambira pamenepo swichi ikanikizidwe mpaka dzuwa kulowa, A sadzukanso kufikira itamasulidwa n'kukanikizidwanso. Mwana woponya khobidi lomangirira ulusi n'kuligwira pa swichi sapindula kanthu, ngakhale akamalikweza n'kulitsitsa apindula, ndipo ameneyo mumuletse ndi kachitseko kolowera mbali imodzi m'njira ya khobidi. B afunika zake zofanana: chotembenuza china, 74HC74 yachitatu, ndi geti ina ya AND. Mageti awiriwa achokere mu 74HC08 yachiwiri, ndipo makomo a awiri otsalawo amangidwe pansi.

Kusiyanitsa K5 ndi K10 si ntchito ya dera lino. Pa benchi maswichi awiri akwanira. M'bokosi lenileni khobidi limagubuduka pa kanjira kotsetsereka komwe kali ndi bowo lolola laling'ono kugwa pa swichi yake, lalikulu n'kupitirira kukagwa pa inzake. Yezani makobidi anuwo musanaboole.

Kuchoka pa T kufika pa chitseko

T amakhala 1 kwa milisekondi imodzi yokha, ndipo palibe solenoyidi, koyilo yokoka kachitsulo kotsegula chitseko, yomwe ingasunthe m'nthawi imeneyo. Mtembenuzeni T ndi 74HC14, alowe pa pini 2 ya NE555 yachiwiri yolumikizidwa kuti izitulutsa kugunda kumodzi kwautali. Nthawi yake ndi t = 1.1·R·C, ndiye 100 kΩ ndi 10 µF zipereka sekondi 1.1. Pini 3 idutse mu rezisita ya 1 kΩ kukayatsa thiranzisita ya TIP120, yomwe ikoke solenoyidi ya 12 V molunjika ku batire, osati kudzera mu 7805, yomwe imatsitsa 12 V kukhala 5 V yodyetsa machipu. Pa miyendo iwiri ya solenoyidi ikani dayodi ya 1N4007, mbali ya mzere ikuloza ku 12 V. Popanda dayodi imeneyi koyilo ikamazima imabweza mphamvu yaikulu, ndipo muona makina akudumphira pa siteji ina nthawi iliyonse akamaliza kutsegula, mwinanso thiranzisita n'kupsa. C akafunika kukankha khobidi la chenji, mumupangire njira yofanana, ndi chotembenuza chochokera mu chipu ina.

Chotembenuza chachisanu ndi chimodzi ndi choyambitsira. Mafulipu-fulopu akalandira magetsi amadzuka pa siteji iliyonse yomwe yawakomera, ndipo akadzuka pa 11 katundu amatuluka ulere. Ikani kapasita ya 10 µF kuchokera ku 5 V kufika pa khomo la chotembenuzacho, ndi rezisita ya 10 kΩ kuchokera pa khomolo kupita pansi. Chotuluka chake chimakhala 0 kwa kanthawi kochepa magetsi akangoyaka, kenako 1. Masulani mapini 1 ndi 13 a ma 74HC74 onse atatu ku 5 V, muwalumikize kumeneku, pamodzi ndi pini 4 ya NE555 yachiwiri. Mtengo wake ndi woti magetsi akaphethira munthu ataponya K10, makina amaiwala ngongoleyo. N'chifukwa chake ndimakonda batire la 12 V la sola kusiyana ndi kudalira soketi.

Kutentha kwa kuno nakonso kuli ndi mbali yake. Mu Okutobala ndi Novembala madigiri 40 si achilendo ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo m'bokosi lachitsulo loima padzuwa mumatentha koposa pamenepo. NE555 wamba inapangidwa kuti igwire ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 70, ndipo makapasita okhala ngati timigolo, a 10 µF aja, amauma msanga pa kutentha, nthawi yotsegulira n'kuyamba kufupika mpaka solenoyidi kumangogwedezeka osatulutsa katundu. Bokosi likhale pa mthunzi, likhale ndi timabowo ta mpweya m'mwamba ndi m'munsi, totchingidwa ndi sefa wa waya kuti nyerere ndi mavu asamangemo. Fumbi la chilimwe likalowa m'swichi, chizindikiro chake ndi khobidi logwa m'bokosi magetsi osasintha. Ikani LED pa chotuluka cha 74HC14 cha swichiyo n'kuikanikiza ndi chala: ikayaka ndi chala koma osayaka ndi khobidi, pukutani kanjirako ndipo mupinde kadzanja ka swichi kuti khobidi lizikakanikiza nthawi yotalikirapo.